Kupumira ku Doha Popita ku London: Tikiti Imodzi, Mizinda Iwiri

Palibe ndege yonyamula anthu yomwe imachoka ku Lilongwe kapena ku Lusaka n'kukatera ku London osayima. Wapaulendo amatsika kaye ku Addis Ababa, Nairobi, Doha kapena Dubai, n'kukhala pampando wa m'bwalo la ndege maso ali pa wotchi. Maola anayi, asanu, mwina usiku wonse. Mzinda uli panja pomwepo, iye n'kungowuwonera pazenera.

Makampani ena a ndege amalola kuti kudikira kumeneku kusanduke masiku awiri kapena atatu ocheza mumzindamo, mtengo wa tikiti osasintha kwenikweni. Pamasamba awo a pa intaneti amalemba kuti Stopover. Pa maulendo opita kunja, kuyima kosakwana maola 24 kumawerengedwa ngati kungosintha ndege. Kukapitirira pamenepo, ndiye kwasanduka kupumira panjira, ndipo malamulo a tikiti, a katundu ndi a viza amasintha.

Musaganize kuti ndi chifundo. Kampani imafuna kuti mudzere kwawo osati kwa anzawo, ndipo dziko lawo limafuna muwasiyireko ndalama m'mahotelo ndi m'misika. Icelandair, yomwe inatchuka ndi njira imeneyi kalekale, imalola wowoloka pakati pa Ulaya ndi Amereka kukhala ku Iceland mpaka masiku 7 osawonjezera ndalama ya ndege, koma pogona ndi chakudya ndi zake. Turkish Airlines ndiye imapereka hotelo yaulere ku Istanbul kwa amene akudikira maola osachepera 20, malinga tikiti ndi yopita ndi kubwerera, ulendo wayambira m'dziko lomwe lili pa mndandanda wawo, ndipo mwapempha pasadakhale. Mawu oti "ulere" amatanthauza zosiyana kwa aliyense, choncho funso loyamba n'lakuti: chaulerecho n'chiyani?

Titenge Qatar Airways, poti inayamba kutera ku Lusaka ndi ku Harare mu 2021, ndipo ambiri opita ku Mangalande amadzera kumeneko. Kwawoko si kwaulere ayi, ndi kotchipa. Amene akuyima ku Doha kwa maola a pakati pa 12 ndi 96 amatha kupeza hotelo pamtengo wotsika, mpaka usiku unayi, kudzera ku nthambi yawo ya Discover Qatar. Mtengo womwe akhala akulengeza umayambira pa madola 14 munthu mmodzi pa usiku. Koma mtengowo amawerengera anthu awiri ogona chipinda chimodzi. Woyenda yekha ayembekezere kulipira zoposerapo.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Chipata akukawona mwana wake ku London. Potsegula tsamba logulira tikiti, ambiri amangodina Return, n'kulemba Lusaka ndi London. Akatero, makina amawasankhira okha ndege yolumikiza yapafupi. Mayiyu adine Multi-city. Pamenepo alemba ulendo wake zigawo zitatu: Lusaka kupita ku Doha Lolemba, Doha kupita ku London Lachinayi, London kubwerera ku Lusaka pa tsiku lomwe akufuna. Nthawi zina tsambalo limafunsa lokha ngati munthu akufuna kuwonjezera masiku ku Doha, ndipo imeneyo ndiyo njira yachidule. Wogula kudzera kwa ejenti angomuwuza kuti masiku awiri a ku Doha alowe mu tikiti yomweyo.

Asanalipire, ayerekeze mitengo iwiri: wa ulendo wongodutsa ndi wa ulendo wopumira, pa masiku ofanana. Kusiyana kukakhala kochepa, nthawi zambiri ndi misonkho ya bwalo la ndege, chifukwa tsopano sakuwerengedwanso ngati wongodutsa. Kukakhala kwakukulu, ndiye kuti mipando yotchipa yatha pa ndege ya Lachinayiyo, kapena mtundu wa tikitiwo sulola kupumira, makina angolumikiza mitengo ya maulendo awiri. Asunthe tsiku limodzi, ayesenso. Kawirikawiri mtengo umatsika.

Kenaka awerenge maola, osati masiku. Tinene kuti watera ku Doha Lolemba 11 koloko usiku, ndipo anyamuka Lachinayi 8 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 57, ali m'kati mwa malire. Akati akhale mpaka Loweruka 8 koloko m'mawa, afika maola 105, wadumpha 96 uja. Pa maola 57 aja muli masiku awiri okha oyendayenda, Lachiwiri ndi Lachitatu, koma usiku wolipira ndi utatu. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ndege ikatera 1 koloko usiku, kalendala imati kwacha Lachiwiri, munthu n'kusungitsa chipinda kuyambira Lachiwiri. Kufika pahotelo n'kumuwuza kuti chipinda chake chikonzeka masana. Usiku wofunika kusungitsa unali wa Lolemba.

Hotelo yotchipayo imasungitsidwa pogwiritsa ntchito nambala ya ulendo wanu, ija ya zilembo ndi manambala 6 yomwe imakhala pamwamba pa tikiti. Nambala yomweyo ndi umboni woti zigawo zonse zili pamodzi. Mukawona nambala ziwiri zosiyana, dziwani kuti mwagula matikiti awiri. Pali masamba ena otsatsa mitengo yotsika omwe amachita zimenezi mwakachetechete. Ndege yoyamba ikalephereka, kampani yachiwiri ilibe nanu mlandu, ndipo mulingo wa katundu ukhoza kusiyana pakati panjira.

Chomwe chimagwetsa mapulani ambiri ndi viza. Wongosintha ndege salowa m'dziko, koma wopumira amadutsa pa kauntala ya olowa ndi otuluka ngati mlendo wina aliyense. Wa pasipoti ya Britain kapena ya South Africa amalowa ku Qatar osafunsira viza pasadakhale. Mayi wathu wa ku Chipata, kapena mnzake wa ku Mchinji, ayambe wawona zomwe pasipoti yake ikufuna pa tsamba la boma la Qatar la Hayya, asanatulutse ndalama ya tikiti. M'mene ndimawonera ine, mtengo wa viza uziphatikizidwa ku mtengo wa hotelo, chifukwa kulipira viza kuti ugone usiku umodzi wokha n'kungodzivutitsa. N'chimodzimodzinso ndi TAP Air Portugal, yomwe imachoka ku Maputo n'kulola kupumira ku Lisbon mpaka masiku 10: popanda viza ya Schengen, mwayiwo ndi wa ena.

Masutikesi nawo amatsika nanu. Mukamapereka katundu ku Lusaka, yang'anani kapepala komwe amata: kalembedwe DOH, osati LHR. Ndiye ngati mwanyamula ufa, usipa ndi zitenje za achibale, mudziwiretu kuti mukoka zonsezo mpaka kuhotelo ndi kubwerera nazo. Ndipo musayese kudzipangira nokha masiku owonjezera posakwera ndege yomwe munalembetsa. Kampani ikawona kuti simunakwere chigawo chimodzi, imafafaniza zotsala zonse, ndi ulendo wobwerera womwe.

Masiku awiriwo amakwanira. Sitima ya mumzinda imachokera pa bwalo la ndege la Hamad pomwepo. Madzulo msika wa Souq Waqif umadzaza fungo la zokometsera zakudya, ndipo kuseri kwake kuli mashopu ogulitsa akabawi osakira nyama, atawaveka tizipewa tachikopa kumutu. Chapafupi m'mbali mwa nyanja pali nyumba yosungira zaluso za Chisilamu, yomwe anajambula I. M. Pei ndipo inatsegulidwa mu 2008. Kungoti mwezi muwusankhe bwino. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kutentha kumadutsa madigiri 40, moti masana onse mungathere m'chipinda. Mayi wathu akapita mu Disembala, ayenda wapansi m'mbali mwa nyanjamo mpaka dzuwa kulowa.