Makhodi Akasiyana: Tebulo Logwira Zosagwirizana mu Deta

Mabungwe osonkhanitsa deta salemba mawu onse monga "mwamuna", "mkazi" kapena dzina la boma pa mzere uliwonse. Amalemba khodi, nambala kapena chilembo choimira mawuwo. Vuto limabuka pamene mafayilo awiri ochokera kosiyana akufunika kuphatikizidwa, chifukwa gwero lililonse limakhala ndi kalembedwe kake.

Pa nkhani ya amuna ndi akazi pali muyezo wa dziko lonse wotchedwa `ISO/IEC 5218`: `1` ndi mwamuna, `2` ndi mkazi, `0` ndi munthu amene sizikudziwika, ndipo `9` imalembedwa pamene funsolo silikugwira ntchito. Koma si onse amautsata. Tiyerekeze kuti kaundula wa kuchipatala amatsata muyezowu, pamene fayilo ya kafukufuku imalemba `0` kutanthauza mwamuna ndi `1` kutanthauza mkazi. Ongomata mafayilo awiriwa pamodzi asandutsa akazi onse a mu kafukufuku kukhala amuna, ndipo kompyuta siidandaula ngakhale pang'ono, popeza `1` ndi khodi yovomerezeka mbali zonse ziwiri. Cholakwika chotere n'choopsa kuposa khodi yachilendo, chifukwa chimaoneka ngati zonse zili bwino.

Mankhwala ake ndi tebulo lomasulira makhodi. Limakhala ndi madanga atatu: gwero la deta, khodi monga idalembedwera kumeneko, ndi tanthauzo limodzi lomwe onse agwirizana. Mzere wina unena kuti `1` wa kuchipatala ndi mwamuna, wina unena kuti `1` wa mu kafukufuku ndi mkazi. Danga la gwero ndilo mtima wa tebuloli. Kulichotsa n'kubweza vuto lomwe lija. Matanthauzowo ayenera kutengedwa m'buku lofotokoza makhodi a gwero lililonse, osati kungoganizira.

Tebulo likakonzedwa, ntchito yotsala ndi kugwira makhodi omwe mulibe. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mu `SQL`, lamulo la `INNER JOIN` limasunga mizere yokhayo imene yapeza mnzake mu tebulo lomasulira, ina yonse n'kuitaya mwakachetechete. `LEFT JOIN` imasunga mizere yonse, ndipo pamene sipanapezeke tanthauzo imasiya `NULL`. Mizere imeneyo ingathe kuwerengedwa chonchi:

```sql
SELECT d.gwero, d.khodi, COUNT(*)
FROM deta d
LEFT JOIN tebulo t
  ON d.gwero = t.gwero AND d.khodi = t.khodi
WHERE t.khodi IS NULL
GROUP BY d.gwero, d.khodi;
```

Tinene kuti mafayilo aja ali ndi mizere 1,000, ndipo lamuloli laonetsa kuti 30 ya kuchipatala ili ndi `M`, 8 ili ndi `01`, ndipo 12 ya mu kafukufuku ili ndi `99`. `INNER JOIN` ikadatulutsa mizere 950 osatchula kuti anthu 50 asowa. Gulu lililonse lili ndi chifukwa chake. `01` ndi `1` yemweyo wolembedwa ndi ziro kutsogolo, ndipo kompyuta ikamawerenga makhodi ngati mawu imaziona ngati zinthu ziwiri. `M` mwina adalemba ndi kalaliki wozolowera mafomu achingerezi, koma mpofunika kufunsa kaye, pakuti mawu oti mwamuna ndi mkazi onse amayamba ndi chilembo chimenecho. `99` kawirikawiri amaimira yankho losowa, choncho imalowa mu tebulo ngati "sizikudziwika", osati kukankhidwira kwa amuna kapena akazi. Iliyonse ikatsimikizika imapatsidwa mzere wake, lamulo lija n'kuyendetsedwanso mpaka lisatulutse kanthu. Deta yoyambirira isakhudzidwe. Chosintha ndi tebulo lokha.

Makhodi a madera ali ndi vuto linanso: malire amasintha. Muyezo wa `ISO 3166-2` umapatsa boma la Mwanza khodi ya `MW-MW` ndipo la Neno `MW-NE`, koma Neno idapatulidwa ku Mwanza mu 2003. Fayilo yakale yolembedwa "Mwanza" ikuphatikizamo anthu a ku Neno. Tebulo silingagawe khodi imodzi pawiri popanda chidziwitso china, monga mfumu yaikulu ya dera la munthuyo. Chidziwitsocho chikapanda kukhalapo, njira yoona ndiyo kuphatikiza maboma awiriwo mbali zonse, n'kulemba poyera kuti zatero.

Choyesa china chosavuta ndi kuwerenga mizere isanaphatikizidwe komanso itaphatikizidwa. Ikachepa, ina yatayika. Ikachuluka, ndiye kuti khodi ina ya gwero limodzi yalembedwa kawiri mu tebulo lomasulira, ndipo munthu aliyense wokhala nayo akuwerengedwa kawiri. Izi zimapewedwa poika lamulo la `UNIQUE` pa madanga a gwero ndi khodi. Mayeso onsewa amachitidwa nthawi iliyonse pamene fayilo yatsopano yafika, chifukwa gwero lingathe kuyambitsa khodi ina osadziwitsa aliyense.