Pempho la ndalama za makina oyeza chinyezi m'nthaka

Mlimi wa kudimba akafuna kudziwa ngati nthaka yauma, amapala dothi ndi chala n'kulifinya m'manja. Njirayi imathandiza, koma imangonena za pamwamba, ndiponso za nthawi yokhayo imene iye wafika kumunda. Zimene zikuchitika pansi pamene pali mizu, usiku ndi usana, sazidziwa. N'chifukwa chake ophunzira zaulimi ndi zaumisiri, m'sukulu ngati ya Bunda ku Lilongwe kapena ya MUST ku Thyolo, angaganize zopanga kachipangizo koyendera dzuwa kamene kamayeza chinyezi n'kumasunga kokha zimene kapeza. Koma zipangizo zimalira ndalama, ndipo wophunzira amayenera kulemba pempho kwa mkulu wa dipatimenti yake. Pempho lotere limapambana likasonyeza funso limene makinawo adzayankhe, ndi umboni woti manambala ake adzakhala oona.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa m'chaka chomaliza akufuna kuyesa makinawa pa chimanga chothirira m'munda wa pasukulu. Ngati ndime yake yoyamba ingotamanda dzuwa ndi luso lamakono, mkuluyo sapezamo chogwira. Ndime yabwino ingayambe motere: "Bwana, ndikupempha kuti dipatimenti yanu indithandize ndalama zopangira makina atatu oyeza chinyezi. Ndikufuna kudziwa kuti chimanga chaching'ono cha pa dothi lamchenga chingakhale masiku angati osathirira m'mwezi wa Okutobala chisanayambe kuvutika." Apa mkuluyo wadziwa kale chimene akupemphedwa, kuchuluka kwake ndi chifukwa chake.

Funsoli lili ndi masamu ake, ndipo pempho liwasonyeze. Dothi likathiriridwa bwino, madzi otsala n'kutsika pansi, pamakhala mlingo umene limasunga. Pa dothi losakanikirana lokhala ndi mchenga wambiri, mlingowu ungakhale madzi okwana magawo 20 pa 100 aliwonse a dothi. Chinyezi chikatsika kufika pa magawo 10, mizu imalephera kukoka madzi ndipo mbewu imafotetu. Choncho mbewu imadalira magawo 10 apakatiwo. Ngati mizu yafika masentimita 30 pansi, madzi amenewo ndi ofanana ndi mvula ya mamilimita 30. Chimanga chimayamba kuvutika pafupifupi theka la madziwo likatha, ndiye mlimi athirire chinyezi chikafika pa magawo 15. Kukatentha, mbewu n'kumataya mamilimita 5 pa tsiku, ndiye kuti pangopita masiku atatu. Ntchito ya makinawo ndi kutsimikiza ngati zimenezi n'zoona pa munda weniweniwo.

Makinawo ali ndi mbali zochepa. Pali sensa yokwiriridwa m'dothi, kakompyuta kakang'ono monga ka ESP32, kawotchi kosunga tsiku ndi nthawi, kadi yosungira manambala, batire, ndi kasola kochajira batireyo. Pa sensa, wophunzirayo afotokoze chifukwa chimene wasankhira mtundu wina kusiya unzake. Masensa otchipa kwambiri ali ndi timano tiwiri tachitsulo todutsitsa magetsi m'dothi. Timanoti timadyeka msanga m'dothi lonyowa, ndipo feteleza akachuluka timasonyeza ngati mwanyowa kuposa mmene mulili. Mtundu wina uli ndi chitsulo chokutidwa, chosakhudza dothi, ndipo umapirira, malinga m'mbali mwake ndi kumutu kwake mwamatidwa kuti madzi asalowe. Makina amodzi akhale ndi masensa awiri, ina pa masentimita 15 ndi ina pa 30, kuti aone ngati madzi othirira akufikadi pansi.

Mkulu wodziwa ntchito yake adzafunsa ngati makinawo sadzazima kukachita mitambo, makamaka kumadera a Thyolo ndi Mulanje kumene chiperoni chimaphimba dzuwa masiku angapo m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Yankho likhale la manambala. Tinene kuti kakompyutako kamagona nthawi yambiri, n'kumadzuka mphindi 30 zilizonse kwa masekondi 10 okha. Kudzuka ka 48 pa tsiku kumadya pafupifupi 13 mAh, ndipo magetsi odontha pamene kali m'tulo angawonjezere 24 mAh. Zonse pamodzi sizipitirira 40 mAh pa tsiku. Batire ya 2500 mAh ingapirire milungu ingapo popanda dzuwa, ndipo sola ya mawati awiri imabwezera za tsiku lonse ola limodzi la dzuwa lowala lisanathe. Choopsa chenicheni ndi kutentha. Batire yamtunduwu siyenera kuchajidwa ikatentha kupitirira madigiri 45, ndipo bokosi lakuda loikidwa padzuwa la mu Okutobala limafika pamenepo mosavuta. Bokosi likhale loyera, ndipo likhale pamthunzi wa solayo.

Gawo lofunika koposa ndi limene ophunzira amafulumira kulidumpha. Sensa siinena magawo a madzi. Imangotulutsa nambala ya mphamvu ya magetsi, ndipo nambala yomweyo imatanthauza zosiyana pa mchenga, pa katondo ndi pa makande. Masensa awiri ogulidwa tsiku limodzi amathanso kusiyana. Choncho sensa iliyonse iyerekezedwe ndi muyeso wa ku labotale. Wophunzirayo amatenga dothi pafupi ndi sensa ndi kachitini kachitsulo ka mamililita 100, amaliyeza pa sikelo, amaliumitsa mu uvuni wa madigiri 105 kwa maola 24, kenako amaliyezanso. Ngati dothilo linalemera magalamu 162 ndipo litauma latsala 140, madzi anali magalamu 22, kutanthauza magawo 22 pa 100. Akachita zimenezi kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kuyambira dothi louma mpaka lonyoweratu, amadziwa tanthauzo la nambala iliyonse. Pempho litchule kuti adzafuna uvuni ndi sikelo ya dipatimenti, komanso masiku ake, chifukwa nazonso ndi thandizo limene mkuluyo ayenera kuvomera.

Pempho linenenso zimene zingalakwike ndi mmene zidzadziwikire. Nambala yosasintha ngakhale munda wathiriridwa imasonyeza waya woduka, mwina wotafunidwa ndi makoswe, choncho mawaya adutse m'paipi. Nambala yosonyeza kuuma pamene dothi n'lonyowa imabwera sensa ikasiya mpata wa mpweya pakati pa iyo ndi dothi. Madeti obwerera m'mbuyo amatanthauza kuti kabatire ka wotchi katha. Sola yaing'ono imakopanso maso, ndiye afotokoze amene adzayang'anire mundawo.

Pa bajeti, chinthu chilichonse chilembedwe pamzere wake, ndi mtengo, wogulitsa ndi tsiku limene mtengowo unafunsidwa. Zambiri mwa zipangizozi zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Mtengo wopanda deti sungadaliridwe. Awonjezere masensa apadera olowa m'malo mwa owonongeka, ndalama zotumizira katundu, ndi kena kake ka zogwa mwadzidzidzi. Ndondomeko ya nthawi itsatire nyengo: kuitanitsa ndi kulumikiza zipangizo kuthe pofika mu Ogasiti, kuyerekeza ndi labotale kuchitike mu Seputembala, kuti kuyeza kwa m'munda kuthe mvula isanagwe.

Pomaliza, mtsikanayo alembe zimene dipatimenti idzatsale nazo: makina atatu ogwira ntchito, manambala a nyengo yonse, ndi malangizo oti ophunzira a chaka chamawa apitirize pa dothi lina. Mkulu akaona kuti ndalama zidzagula yankho lotha kufufuzidwa, komanso zipangizo zimene ena adzagwiritse ntchito, amakhala ndi chifukwa chomveka chosainira pempholo ndi choyankha kwa amene amamufunsa za ndalama za sukulu.