Kalata yopempha masiku owonjezera pa ngongole ya katundu

Eni magolosale ndi mashopu ambiri satenga katundu ndi ndalama m'manja. Amaoda ku holoselo imodzi imene anazolowerana nayo, katundu amabwera ndi invoisi, ndipo amalipira pakatha masiku amene anagwirizana, kaya 14 kaya 30. Tsikulo likayandikira ndalama zisanakwane, mwini bizinesi amalembera mwini holoseloyo kalata yopempha kuti amuwonjezere nthawi. Kalatayi ndi pempho la ngongole ngakhale kuti palibe ndalama imene ikuchoka m'manja mwa wina, chifukwa tsiku lililonse lowonjezera ndi tsiku limene mpamba wa mwini holoselo ukugona m'shopu ya mnzake.

Asanagwire cholembera, wolemba ayenera kudziwa mtundu wa vuto lake. Pali bizinesi imene ikupanga phindu koma ndalama zake zatsakamira m'katundu wa pamashelefu ndi mwa anthu amene anakongola. Palinso bizinesi imene ikudya mpamba. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: awerenge mtengo woodera wa katundu amene alipo, awonjezere ngongole zimene zili kwa anthu odalirika kuti abweza, kenako ayerekeze ndi zonse zimene iye ayenera kulipira. Ngati mbali yoyambayo ndi yaikulu, vuto ndi la nthawi chabe ndipo kalata ingathandize. Ngati ndi yaing'ono, masiku owonjezera angochedwetsa kugwa, ngongole ikukulirakulira.

Chitsanzo chongoyerekeza ndi cha golosale ya pa boma la Kasungu imene imaoda shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere ku holoselo ya ku Lilongwe. Pa 15 Januwale yalandira katundu wa K6,000,000 woti ilipire pa 14 Febuluwale. Miyezi imeneyi malonda amazizira m'madera a alimi: ndalama zinapita ku feteleza ndi ku fizi ya ana, chimanga chidakali m'munda, ndipo misika ya fodya monga wa Chinkhoma nthawi zambiri imatsegulidwa cha mu Epulo. Komanso sukulu ina yogonera konko inatenga katundu wa K2,500,000 ndipo yalonjeza kulipira pa 20 Malichi. Mwini golosale atachotsa lendi ndi malipiro a antchito, wapeza kuti pofika pa 14 Febuluwale adzakhala ndi K2,000,000 yokha.

Kalata iyenera kupita tsiku limene masamuwa aoneka, pakadali mlungu umodzi kapena iwiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa manyazi amawauza kuti adikire, mwina zinthu zisintha. Koma mwini holoselo nayenso ali ndi fakitale kapena banki imene ikumudikira, ndipo ndalama za pa 14 Febuluwale anaziwerengera kale. Akauzidwa msanga amasintha mapulani ake. Akadzadziwa tsikulo litadutsa, ataimba foni kangapo osayankhidwa, nkhani imakhala itasanduka ya kukhulupirika, osati ya masiku.

Thunthu la kalata ya golosaleyi lingakhale lotere:

"Bwana, ndikulemba za invoisi ya pa 15 Januwale ya K6,000,000, imene ndiyenera kulipira pa 14 Febuluwale. Sindikwanitsa kulipira yonse pa tsikuli chifukwa malonda atsika nyengo ino, ndiponso sukulu imene ndimaiperekera katundu idzandilipira K2,500,000 pa 20 Malichi. Ndikupempha kuti mundilole kulipira motere: K2,000,000 pa 14 Febuluwale, K1,500,000 pa 7 Malichi, ndi K2,500,000 pa 31 Malichi. Katundu amene ndiode m'nyengo imeneyi ndizilipira pomwepo. Ngongoleyi ikatha tibwerere ku masiku 30 monga kale. Ngati mwavomera, chonde mundiyankhe molemba pasanafike pa 10 Febuluwale."

Mphamvu ya kalatayi ili mu manambala ndi masiku. Mawu akuti "ndidzalipira zinthu zikayamba kuyenda" sapatsa mwini holoselo chogwira chilichonse, pomwe masiku atatu otchulidwa angathe kuwalemba m'buku lake. Chifukwa cha vutolo chanenedwa m'chiganizo chimodzi, popanda kudandaula, ndipo chikuonetsa kumene ndalama zichokere. Gawo loyamba likulipiridwa pa tsiku lenileni la pangano, ndipo ndilo umboni woti wolembayo sakuthawa.

Tsiku lomaliza ndi lofunika kulilingalira bwino. Sukulu yalonjeza pa 20 Malichi, koma kalata yatchula 31 Malichi, kusiya mpata wa masiku 11 kuopa kuti sukuluyo ingachedwe. Wolemba amene amatchula tsiku lapafupi pofuna kusangalatsa bwanayo amadzitchera yekha msampha. Kupempha masiku 45 kamodzi n'kuwasunga kumaposa kupempha masiku 15 katatu, popeza pempho lachiwiri limafafaniza chikhulupiriro chonse chimene loyamba linapeza.

Mwini holoselo akalandira kalata amawerenga zimene akutaya. Tiyerekeze kuti iye amabwereka ku banki pa chiwongoladzanja cha K3 pa K100 iliyonse pamwezi. K1,500,000 yochedwa ndi masiku 21 imudyera K31,500, ndipo K2,500,000 yochedwa ndi masiku 45 imudyera K112,500, zonse pamodzi K144,000. Amene amaitanitsa katundu kunja amaopanso kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti nthawi imodzi, ndipo aliyense amene ndalama zake zinali kwa anthu tsiku limenelo anadzalandira makwacha osakwanira kugula katundu wofanana ndi amene anapereka. N'chifukwa chake pempho labwino limabwera ndi kanthu m'manja. M'chitsanzochi kanthuko ndi lonjezo lolipira pomwepo katundu watsopano, kuti ngongole isakule. Ena amadzipereka kulipira kachiwongoladzanja kochepa pa gawo lochedwalo, kamene kamakhalabe kotsika kwambiri poyerekeza ndi katapila. Ena amabweza katundu wosatsegula amene sakuyenda malonda, ngati mwini holoselo walola.

  

Kalata ipite kwa munthu amene ali ndi mphamvu zovomera ngongole, mwini wake kapena mkulu wa zachuma. Wotsatsa malonda amene amayendera mashopu angathe kunena kuti palibe vuto, koma ku ofesi ya maakaunti osadziwa kanthu, tsiku likakwana akaunti n'kutsekedwa, galimoto ya katundu osabweranso. Ndi bwino kuyamba ndi foni kapena kukaonekera pamaso, kalata n'kutsatira tsiku lomwelo. Yankho lolembedwa lisungidwe pamodzi ndi invoisi, ngakhale litabwera pa WhatsApp, ndipo gawo lililonse likalipiridwa patengedwe risiti yosonyeza ndalama zotsala.

Yankho silikhala "inde" kapena "ayi" nthawi zonse. Mwini holoselo angavomere masiku koma n'kuchepetsa katundu amene amapereka pa ngongole, kapena kufuna kuti gawo loyamba likhale K3,000,000. Mwini golosale asavomere msanga chifukwa cha mantha. Abwerere ku masamu ake aone ngati K1,000,000 yowonjezerayo ingapezeke osakhudza lendi ndi malipiro a antchito. Ngati singapezeke, anene choncho, atchule ndalama imene angathedi kupereka pa 14 Febuluwale, ndipo zimene agwirizane zilembedwenso ndi masiku ake.