Ng'ombe Ikamabzikula, M'mimba Mukuchitika Chiyani?

Udzu ndi chakudya cholimba. Uli ndi ulusi umene madzi ogaya chakudya a nyama iliyonse sangausungunule paokha. N'chifukwa chake mimba ya ng'ombe ndi mbuzi ili ndi zigawo zinayi.

Ng'ombe ikamadya kudambo imameza udzu mongotafunako pang'ono. Udzuwo umagwera m'chigawo choyamba, chachikulu kwambiri, chija chimaoneka ngati thaulo tikamatsuka zam'kati. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka zedi, timene timasasitsa udzu n'kutulutsa zinthu zopatsa ng'ombe mphamvu.

Chigawo chachiwiri, cha timabowo ngati malesa a njuchi, chimathandiza kubweza udzu wosagayika kukamwa. Ng'ombe ikagona pamthunzi n'kumatafuna osadya kanthu, ndiye kuti ikubzikula. Udzu ukasalala umapita m'chigawo chachitatu, cha mapindepinde, chimene chimayamwa madzi. Chachinayi ndicho chili ndi asidi monga mimba ya munthu, ndipo chimagaya ngakhale tizilombo tija, ng'ombe n'kupezapo zomanga thupi.

Tizilomboti timatulutsanso mpweya wambiri, umene nyama imageya. Mpweyawo ukatsekeka, mimba imatupa kumanzere ndipo nyama imatha kufa tsiku lomwelo. Mbuzi ikadya chimanga kapena madeya ambiri nthawi imodzi, asidi amachuluka n'kupha tizilombo tothandiza tija. Choncho mukafuna kusintha chakudya cha ziweto, yambani pang'onopang'ono.