Mijigo 6 m'miyezi 6: wounika amaona chiyani?

Bungwe likalemba pempho la thandizo la ndalama, anthu ounika amalipatsa malikisi gawo ndi gawo, tinene kuyambira 1 mpaka 5. Pa bajeti ndi ndondomeko ya nthawi funso limakhala limodzi: kodi zimenezi zingathekedi? Wounika wozolowera ntchito amaika mapepala awiriwa pamodzi, chifukwa pepala lina ndi limene limaulula zolakwika za linzake.

Tiyerekeze kuti bungwe lina likufuna kukumba mijigo 6 m'miyezi 6, kuyambira mu Januwale. Midziyo ili pa mtunda wa makilomita 80 kuchokera paboma. Ndondomeko ikuti ogwira ntchito adzapitako maulendo 24, pomwe bajeti ikupempha malita 150 a dizilo. Apa wounika amatenga pensulo. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 160, ndipo galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imamwa malita 16 pa ulendo umodzi. Maulendo 24 akufuna malita 384. Ndiye kuti mafuta adzatha ulendo wa 10 usanathe, ntchito isanafike n'komwe pakati.

Olemba ena amaganiza kuti bajeti yotsika imakopa opereka ndalama. Ine ndikaona mtengo wotsikitsitsa ndimakayikira ngati mmene ndimakayikira wokwera mopitirira, pakuti umasonyeza kuti wolembayo sanakafunse mitengo. Mzere wabwino umatchula kuchuluka kwa chinthu, mtengo wa chimodzi, kumene mtengowo wachokera ndi tsiku lake. Tsikulo n'lofunika: mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu zochokera kunja monga pampu ndi mapaipi inasiyana kutali ndi imene inalembedwa mwezi wapitawo. N'chifukwa chake wounika amayang'ananso ngati pali kandalama kapadera ka zogwa mwadzidzidzi.

Vuto lalikulu la pempholi ndi Januwale uja. Ndi pakati pa dzinja, ndipo chigalimoto chonyamula makina okumbira chimatitimira m'matope a misewu ya kumudzi. Chikafikako, madzi a pansi amakhala atakwera, choncho okumba akhoza kulekeza pafupi n'kumasangalala kuti apeza madzi, mjigo n'kudzauma mu Okutobala. Komanso ndondomekoyo yaika kukumba m'sabata yoyamba, ngati kuti ndalama zimafika tsiku losaina mgwirizano, ndiponso ngati kuti kusankha kontilakita, kukambirana ndi mafumu za malo ndi kupima pomwe pali madzi sizidya nthawi. Kuyeza ukhondo wa madzi ndi kuphunzitsa komiti ya mjigo zalembedwa m'mwezi womaliza, koma mu bajeti mulibe ngakhale tambala ya ntchito ziwirizi.

Pempho lotere ndingalipatse 2 pa bajeti ndi 1 pa nthawi. M'mbali mwake ndingalembe kuti kukumba kuyambe mu Ogasiti, mafuta awerengedwenso, ndipo abweretse mitengo yolembedwa ya makontilakita atatu.