Pamene chipukutamisozi sichipukuta misozi

M'chaka cha 1962, a Peter Beswick, nkhalamba yogulitsa malasha ku Eccles m'dziko la England, anapereka bizinesi yawo kwa John, mwana wa m'bale wawo. Pangano linali lakuti mnyamatayo aziwalipira sabata iliyonse, ndipo iwo akadzatsamira mkono azidzapatsa mkazi wawo mapaundi 5 pa sabata. Mkuluyo anamwalira mu 1963. John analipira kamodzi kokha, basi n'kuleka, bizinesi ili m'manja mwake.

Poyamba zinkaoneka ngati lamulo lili kumbali ya John. Mayi wamasiyeyo sakanasuma m'dzina lawo chifukwa panganolo sanapange nawo. Akanasuma monga woyang'anira chuma cha malemu, koma chumacho chinaluza chiyani? Palibe, poti ndalamazo zinali zopita kwa mayiyo. Chipukutamisozi chimawerengedwa poona zimene wosuma wataya, choncho apa chikanakhala kandalama kongosonyeza kuti pangano lathyoledwa. Mu 1967 oweruza a ku House of Lords anakana kuti nkhani ithere pomwepo. Anati popeza ndalama zotere sizingakonze cholakwacho, John achite zimene analonjeza: abweze zonse zotsalira ndipo azilipira mlungu ndi mlungu.

Mphamvu yokakamiza munthu kukwaniritsa pangano inayambira ku khoti la Chancery, kumene anthu ankadandaula akaona kuti makhoti wamba, omwe ankangogamula ndalama, awasiya m'madzi. Makhoti a ku Malawi ndi ku Zambia anatengera mwambo umenewu pamodzi ndi malamulo ena ochokera ku England. Komabe ndalama ndiye chigamulo cha masiku onse. Lamulo lokakamizali ndi lapatalipatali, ndipo woweruza ali ndi ufulu wolikana ngakhale wosuma atapambana mlandu.

Tiyerekeze kuti munagwirizana ndi wamalonda kuti akugulitseni matumba 100 a chimanga pa K40,000 thumba, iye n'kubwerera m'mbuyo mtengo utafika pa K50,000. Khoti silingamukakamize kubweretsa chimangacho. Lidzakupatsani K1,000,000, kusiyana kwa mitengo iwiriyo, mukagule kwina, chifukwa chimanga ndi chimanga. Malo ndiye ayi. Puloti imene munasainirana, ya m'mbali mwa msewu, moyandikana ndi golosale yanu, ilipo imodzi yokha, ndipo ndalama zanu zitabwezedwa simungakaipeze pamsika. N'chifukwa chake pa malonda a malo makhoti sachedwa kulamula kuti wogulitsa amalize kusinthitsa umwini, bola panganolo likhale ndi umboni wolembedwa ndipo inu mukhale wokonzeka kulipira zotsala.

Vuto n'lakuti milandu imatenga nthawi. Wogulitsa akhoza kupereka pulotiyo kwa munthu wina wosadziwa kanthu, ameneyo n'kulipira n'kulembetsa m'dzina lake, ndipo zikatero kawirikawiri inu mumangotsala ndi ndalama zija simunazifune. Apa ndi pamene pamalowera chiletso chongoyembekezera. Anthu ambiri amachidziwira pa nkhani za ndale, ndipo akamva kuti uje watenga chiletso amaganiza kuti wawina. Sichoncho. Chiletsochi chimangoimitsa zinthu kuti zikhale mmene zilili mpaka mlandu utamvedwa.

Njira imene oweruza athu amatsata inachokera pa mlandu wa American Cyanamid ndi Ethicon wa mu 1975. Woweruza amayamba waona ngati pali nkhani yeniyeni yofunika kuzenga. Kenako amafunsa ngati ndalama zingadzakwanire kukonza zinthu wopemphayo akadzapambana, komanso ngati woyankha angadzathe kuzilipira. Zikakhala kuti zingakwanire, chiletso palibe. Ngati pakadali chikayiko, amayeza kuti adzapwetekeke kwambiri ndani, chiletso chikaperekedwa kapena chikakanidwa.

Chimene ambiri amachimva mochedwa n'chakuti chiletso chili ndi mtengo wake. Wopempha amalonjeza kukhoti kuti akadzagonja adzalipira zonse zimene mnzakeyo wataya chifukwa choimitsidwa. Mukaimitsa ntchito yomanga nyumba kwa chaka, simenti n'kukwera, lendi n'kutayika, ngongole imeneyo ikhoza kugwera inu. Ndipo amene wapempha chiletso mnzake kulibe ayenera kuulula zonse, ndi zomuipira zomwe. Akabisa, chiletsocho chimachotsedwa. Wozengereza nayenso amabwezedwa. Ngati munkaonerera maziko akukumbidwa, khoma likukwera, n'kudzathamangira kukhoti denga litafoleredwa, woweruza adzakufunsani kuti munali kuti.

Pali mapangano ena amene khoti silikakamiza ngakhale ndalama zitaperewera. Silingalamule munthu kugwirira ntchito bwana amene sakumufuna. Mu 1997 oweruza a ku House of Lords anakananso kukakamiza kampani ya Argyll kuti isatseke sitolo yake ya Safeway ku Sheffield, ngakhale inali italonjeza potenga lendi kuti izitsegula. Sitoloyo inkaluza, ndipo khoti likanakhala kapitawo wa bizinesi kwa zaka zambiri. Oweruza amasamala chonchi chifukwa wonyozera lamulo lotere amakhala wanyoza khoti, ndipo akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende.