Inu alipo, ulemu palibe: kusandutsa uthenga wamchezo kukhala kalata yantchito

Tiyerekeze kuti mayi wina walipira fizi ya mwana wake kubanki, K180,000 yonse ya teremu yachiwiri. Patangopita masabata awiri, mwana uja watulukira pakhomo chikwama chili kumutu, ati amubweza chifukwa dzina lake lili pamndandanda wa osalipira. Mayiyu, mtima uli phaphapha, akutenga foni n'kulembera mng'ono wake:

"Iwe, wamva zimene andichita akusukulu kwa Chisomo? Amuthamangitsa, ati sindinalipire. Ine ndinalipira kalekale, kasilipi ndili nako pompano. Anthu amenewa mitu yawo ikuyenda koma? Mawa andiona."

Uthengawu ulibe vuto lililonse. Wapita kwa mng'ono wake, ndipo mng'onoyo wamva zonse, nkhani ndi mkwiyo womwe. Ntchito ikuyamba pamene nkhani yomweyi ikufunika kupita kwa mphunzitsi wamkulu mwa kalata. Apa mayiyu ali ndi zinthu ziwiri zoti asankhe, ndipo ambiri timaziona ngati chimodzi.

Choyamba ndi mlingo wa chiyankhulo, umene akatswiri a zinenero amautcha rejisita. Mlingowu suchokera mumtima mwa wolemba. Umachokera pa malo ndi anthu. Katswiri wina wa ku Britain, M.A.K. Halliday, anati umadalira zinthu zitatu: nkhani imene ikukambidwa, ubale wa amene akukambiranawo, ndi njira imene mawu akudutsamo, kaya pakamwa, pafoni kapena papepala. Kusukulu tinaziphunzira mwa njira ina pamene ankatisiyanitsira kalata yamchezo ndi kalata yantchito. Chachiwiri ndi mtima umene ukumveka m'mawuwo, umene akatswiri omwewo amati toni: kodi wolembayu wakwiya, akuchonderera, akunyogodola, kapena akungofotokoza modekha? Mtengwa atha kugwada bwinobwino popereka madzi kwa apongozi ake, koma n'kuika kapuyo pansi mwamphamvu mpaka madzi kutayikira. Kugwadako wakwaniritsa mwambo. Koma apongoziwo amva zina.

Mlingo ndi wosavutirapo kukonza, chifukwa m'Chichewa umaoneka ndi maso. "Iwe" asanduka "inu", ndipo kusinthaku kuyenera kulowa m'mneni aliyense. "Wamva" akhala "mwamva", "wako" akhala "wanu". Pamene ambiri amaterereka ndi pa kam'phatikiri ka -ni. Munthu ayamba bwino kuti "Bambo, ndakulemberani", koma pofika ndime yachiwiri walemba kuti "ndikukupempha" kapena "ndidzakuuza". Kusowa kwa -ni pamenepo kwawatsitsa aphunzitsi aakulu aja kukhala "iwe", ngakhale wolembayo sanafune kutero. Mukamaliza kalata, dutsani mneni aliyense amene muli -ku- woloza wolandira kalatayo, muone ngati wathera ndi -ni.

Kenaka pali mawu enieniwo. "Kasilipi" ndi mawu a pakhonde. M'kalata akhale "silipi ya kubanki", ndipo ka- wochepsa uja achoke. "Kalekale" sathandiza munthu amene akufufuza m'buku la ndalama, pafunika tsiku lenileni, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya silipiyo. "Akusukulu kwa Chisomo" amamveka kwa mng'ono wake yekha, amene akudziwa kuti Chisomo ndani. Sukulu ili ndi ana mazanamazana, mwina a Chisomo angapo, choncho dzina lonse ndi kalasi ziyenera kulembedwa. Apa tikuona kuti chiyankhulo chantchito si kukometsera mawu. Mbali yake yaikulu ndi kulembera munthu amene sakukudziwani, amene sangakufunseni kuti "mukutanthauza chiyani?", ndiponso amene adzaika pepalalo m'failo kuti wina adzaliwerenge chaka chamawa. Mawu ofupikitsa a pafoni, tizithunzi ta nkhope zoseka, ndi mawu a achinyamata monga "bho" kapena "aise" nawonso atsale kufoni.

Maonekedwe a kalatayo tingowadutsa mwachangu, poti ali m'mabuku a kusukulu: keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira yoyamba ndi udindo wake, malonje afupi monga "Bambo" kapena "Mayi", mutu wa kalata, thunthu, mawu otsanzika, saini ndi dzina lonse. Chimene chimawawa kuchichotsa ndi moni. Ife sitiyamba nkhani tisanafunsane za moyo, ndipo kulemba kalata popanda "muli bwanji, kuno tili bwino" kumamveka ngati mwano. Koma m'kalata yantchito mutu ndi chiganizo choyamba ziyenera kunena chimene mwadzera. Ulemu umene moni ukanapereka umasamukira m'mneni ndi m'kapemphedwe.

Tsopano onani zimene zimatuluka mayi uja akasintha mlingo wokha:

"Bambo, ndakulemberani kalatayi pofuna kudziwa chifukwa chimene mwathamangitsira mwana wanga pamene fizi ndinalipira. Ndikudabwa kuti sukulu yaikulu ngati yanu ikulephera kusunga bwino mabuku a ndalama. Ndikukhulupirira kuti muli ndi antchito odziwa kuwerenga. Mumulandire mwanayu msanga."

Wolemba mayeso sangapeze "iwe" m'kalatayi. Aliyense wa -ni ali pamalo pake, ndipo mawu a pamsewu mulibe. Komabe "mitu yawo ikuyenda koma?" uja sanachoke, wangosanduka "antchito odziwa kuwerenga". Ndipotu akulasa kwambiri tsopano kusiyana ndi poyamba. Chipongwe cha pafoni anthu amati chinatuluka ndi mkwiyo, koma cholembedwa mwadongosolo, chosainidwa, chimaoneka kuti munthu anachita kuchikhalira pansi. Aphunzitsi aakulu akawerenga, asanaganize zotsegula buku la ndalama, ayamba aganiza zoteteza antchito awo.

Mtima wa kalata umabisala m'malo ochepa, ndipo munthu akawadziwa amatha kuupeza. Malo oyamba ndi mwininkhani wa chiganizo. "Mwathamangitsa mwana wanga" akuloza chala pamphumi pa wowerenga. "Mwana wanga wabwezedwa kunyumba" akunena chinthu chomwecho popanda kuimba munthu mlandu, ndipo n'zoona kuti mayiyu sakudziwa ngati analakwitsa ndi aphunzitsi aakulu, woona za ndalama, kapena ngati banki inachedwa kuonetsa ndalamazo. Komanso "kuthamangitsa" kuli ndi ukali umene "kubweza" kulibe. Malo achiwiri ndi kapemphedwe. "Mulandireni", "mumulandire", "chonde mumulandire" ndi "ndikupempha kuti aloledwe kubwerera" onse ndi a "inu", koma awiri oyambawo ndi malamulo. Malo achitatu ndi mawu ongofotokoza mmene wolemba akumvera kapena mmene akuwaonera anthu enawo: "ndikudabwa kuti", "n'zomvetsa chisoni kuti", "monga mwa chizolowezi chanu". Mawu otere sawonjezera mfundo iliyonse. Mukawafufuta n'kupeza kuti nkhani ikadali yonse, dziwani kuti anali onyamula mkwiyo basi.

Ena akazindikira zimenezi amagwera mbali inayo, ndipo kwa ine vuto ili ndi lofala kuposa la ukali. Kalata imayamba ndi "Pepani bwana chifukwa chokuvutitsani", n'kupitirira ndi "ndagwira mwendo wanu, mundichitire chifundo, ine ndine wosauka". Mlingo ndi womwe uja waulemu, koma mtima wasanduka wopemphetsa. Kwa kholo limene silinalipiredi ndipo likupempha kuti limalize mwezi ukatha, kuchonderera pang'ono kuli ndi malo ake. Koma mayi wathuyu analipira. Akapepesa ndi kupempha chifundo, wowerenga mwachangu adzaiika kalatayo pamulu wa amene ali ndi ngongole, ndipo yankho lidzakhala lakuti "mubwere ndi theka". "Pepani" wa pakamwa ndi mawu otsegulira nkhani chabe, koma papepala amatha kuwerengedwa ngati kuvomera kulakwa.

Kalata imene ingagwire ntchito ndi yonga iyi, pansi pa mutu wakuti PEMPHO LOTI CHISOMO WA FOMU 2 ABWERERE KUSUKULU, dzina la bambo ake litawonjezedwa:

"Bambo, ndine kholo la mwana amene ndamutchula pamwambayu. Iye wabwezedwa kunyumba pa 22 Januwale chifukwa dzina lake lili pamndandanda wa amene sanalipire fizi ya teremu yachiwiri. Fiziyi, yokwana K180,000, ndinalipira ku akaunti ya sukulu pa 8 Januwale, ndipo ndaphatikiza kope ya silipi ya kubanki pakalatayi. N'kutheka kuti malipirowa sanalowe m'mabuku anu. Ndikupempha kuti ofesi yoona za ndalama iunike silipiyi, ndiponso kuti mwanayu aloledwe kubwerera m'kalasi pamene kuunikaku kukuchitika, kuti asatsalire pa maphunziro. Ndidzathokoza mukandiyankha pofika Lachisanu pa nambala ya foni imene ili pamwambapa. Ine wanu wokhulupirika,"

Mayiyu sanagonje pa chilichonse. Wanena kuti analipira, wapereka umboni, wapempha zinthu ziwiri zodziwika bwino, waikanso tsiku. Chiganizo chakuti "n'kutheka kuti malipirowa sanalowe m'mabuku anu" ndicho chikusenza mtima wa kalata yonse: chikunena kuti cholakwika chili kusukulu, koma chikuwasiyira aphunzitsi aakulu mpata wokonza zinthu popanda kuchita manyazi. Onaninso kuti watumiza kope. Silipi yeniyeni isachoke m'manja mwake, ndipo asungenso kope ya kalatayo.

Musanatumize, iwerengeni mokweza kawiri. Ulendo woyamba mverani mlingo, muone ngati muli liwu limene simungalinene mutakhala pampando wa alendo muofesi imeneyo. Ulendo wachiwiri yerekezani kuti ndinu wolandira, ndipo mverani pamene mawu anu akukwera okha kapena pamene akutsika mpaka kumveka ngati kulira. Ngati n'kotheka mupatse munthu amene nkhaniyo sikumukhudza, mumufunse funso limodzi lokha: wolemba kalatayi akumveka kuti ali bwanji? Akati "wapsa mtima" pamene inu mumafuna kumveka wodekha, bwererani ku malo atatu aja.

Izi sizikutanthauza kuti kalata yantchito iyenera kukhala yofatsa nthawi zonse. Lachisanu likadutsa popanda yankho, mwana akadali pakhomo, mayiyu ali ndi chifukwa cholimbitsira mawu. Kalata yachiwiri idzakhala pa mlingo womwewo, "inu" yemweyo, keyala ndi mutu momwemo, koma mtima udzasintha. "N'kutheka" adzachoka. M'malo mwake adzalemba kuti: "Pa 23 Januwale ndinakulemberani za nkhaniyi ndipo ndinaphatikiza umboni wa malipiro, koma mpaka lero sindinalandire yankho. Mwanayu waphonya maphunziro kwa sabata yathunthu pa ngongole imene palibe. Ndikupempha kuti abwerere m'kalasi Lolemba likudzali. Ngati nkhaniyi siitheka pa ofesi yanu, ndiitengera ku komiti ya sukulu." Pansi pake alembe kuti kope ya kalatayi yapita kwa wapampando wa komitiyo, ndipo aitumizedi.